Kamawu kamodzi kamene kanatidyera mapampu 40

*"Achemwali, ndimagwira ntchito yogula katundu pa kampani ina ku Kanengo. Sabata yatha abwana anandibwezera lipoti atachonga ndi cholembera chofiira malo 23 pa masamba awiri okha, onsewo ndi* the *ndi* a. *Pena akuti ndasiya, pena akuti ndawonjezera. Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, digiri ndili nayo. Vuto langa n'chiyani, nanga nditani kuti ndisamachitenso manyazi chonchi?"*

Mng'ono wanga, kalata yanu yatha masiku asanu ndisanaiyankhe. Sikuti ndinatanganidwa ayi. Inanditokosa pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale, ndiye mundilole ndiyambe ndi yanga, yanuyo tiifika.

M'chaka cha 2014 ndinkagwira ntchito pa kampani ina ku Limbe yogulitsa zipangizo za ulimi wamthirira: mapaipi, mapampu opalasa ndi mapazi, mapampu a injini. Katundu wambiri tinkaoda ku Joni. Chaka chimenecho amene ankatigulitsa katunduwo anatulutsa pampu yatsopano ya petulo, yopepuka moti mlimi ankatha kuimanga pa kaliyala wa njinga n'kupita nayo kudimba. Anatitumizira atatu oti tionetse anthu. Tinawaonetsa pa sitolo, ina tinapita nayo ku Chikwawa, ndipo alimi anaikonda kwambiri. Makalabu asanu ndi anayi analembetsa maina. Titawerengera tinapeza kuti akufunika mapampu ngati 40, ndipo onse ankawafuna mwezi wa Julaye usanathe, pamene madzi ayamba kutsika m'madambo.

Ndiye bambo wa ku Joni uja anatumiza imelo kufunsa mmene anthu ailandirira pampuyo, poti anali atatisungira 40 pa ochepa amene anali nawo. Abwana anali pa ulendo, anandiimbira kuti ndiyankhe ndine. Ndinalemba ndi chimwemwe chonse:

*Few customers have shown interest in the new pump.*

Mumtima mwangamu ndinkanena kuti makasitomala angapo aonetsa kale chidwi. Bambo uja anayankha tsiku lomwelo ndi mzere umodzi: *Noted, thanks for being frank.* Ndinadabwa pang'ono kuti akundithokozeranji ponena chilungamo pamene ndamuuza nkhani yabwino, koma ndinangoti mwina ndi mmene amalankhulira kwawoko. Patatha masabata atatu thiraki inalowa pa Mwanza ndi mapaipi athu, pampu yatsopano ngakhale imodzi munalibe. Anali atawapereka kwa wogulitsa wina ku Lusaka. Ena anadzafika mu Novembala, mitambo itayamba kale kuda, nthawi imene mlimi sakuganizanso zothirira.

Tsiku limene abwana anasindikiza imelo ija n'kuiika pa desiki panga sindidzaliiwala. Sanakalipe. Anangoloza ndi chala pa mpata wa kutsogolo kwa *few*, pamene panayenera kukhala *a*. Ndinazizira nkhongono. *A few customers* ndiye kuti angapo alipo, zinthu zikuyenda. *Few customers* ndiye kuti ndi ochepa zedi, tingoti palibe. Ine ndinali nditauza munthu amene anatisungira katundu kuti katundu wakeyo sakufunika kuno. Ndipo chizindikiro chinalipo, m'yankho lake lija. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kuti yankho likabwera ndi nkhope yosiyana ndi uthenga umene ndinatumiza, ndibwerere ndikawerengenso zimene ndinalemba, mawu amodziamodzi.

Chimene chinandiwawa kwambiri, kuposa ndalama zimene zinatayika, n'chakuti kusiyana kumeneko ndinkakudziwa bwinobwino. Pa Chichewa palibe mwana amene angasokoneze "ochepa" ndi "angapo". Ife tinapatsa maganizo awiriwa mawu awiri athunthu, omveka. Chingerezi chinakoleka kusiyana konseko pa kachilembo kamodzi kamene ngakhale eni ake polankhula amangokameza. N'chimodzimodzi *little* ndi *a little*. Mukalembera abwana kuti *we have little money left in the budget* mukuwauza kuti ndalama zatsala pang'ono kutheratu, asiye kugula. Mukalemba *a little money* mukuwauza kuti kangachepe katsalako, titha kugwiritsa ntchito.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinkadzifunsa funso lanu lomweli. Ndinatha miyezi ndikuganiza kuti mwina Chichewa n'chopereŵera, kuti chinatilera opanda chida china chimene anzathu anabadwa nacho. Maganizo amenewo ndi abodza, ndipo lero ndimakwiya ndikamva munthu wophunzira akuwanena pa msonkhano.

Tamvani ziganizo izi. "Ndalandira kalata." "Ndalandira kalata ina." "Kalatayo ndailandira." "Kalata ija ndailandira." Inu mukudziwa popanda wokuuzani kuti "ina" ndi kalata imene mnzanuyo sanaimvepo, ndipo mukungoibweretsa kumene m'nkhani. "Kalatayo" ndi imene yangotchulidwa posachedwa. "Ija" ndi imene nonse awiri mukuidziwa kuyambira dzulo kapena mwezi watha. Onaninso ka "i" kamene kalowa pakati pa mneni, "nda-i-landira": kakunena kuti chinthucho chili kale pakati pathu, sichachilendo. Katswiri wathu wa zilankhulo Sam Mchombo ndi mnzake Joan Bresnan analemba za kachilembo kameneka mu 1987, n'kuonetsa kuti kamagwira ntchito ngati mlowam'malo woloza chinthu chimene chili kale pa mutu wa nkhani. Ndiye ntchito imene *the* ndi *a* amagwira, ife timaigwira tsiku ndi tsiku, mwinanso mwaluso kuposa, poti Chingerezi chili ndi *the* mmodzi pamene ife tili ndi "iyi", "iyo", "ino" ndi "ija".

Ngakhale timawu ta Chingerezito tinachokera komweko. Kalekale *the* anali mawu olozera, a banja limodzi ndi *that*, ndipo *a* ndi *an* anachokera ku mawu otanthauza "chimodzi", amene lero ndi *one*. Ndiye *the* ndi msuweni wa "ija", *a* ndi msuweni wa "imodzi" kapena "ina". Zaka zambiri zinawaperesa mpaka kutsala timafupa.

Nanga bwanji timawasiya? Ine ndikuona zifukwa ziwiri zikuluzikulu, ndipo zonse zili m'kamangidwe ka chiganizo, osati m'nzeru za munthu.

Choyamba n'chakuti kwa ife kuloza n'kodzifunira. Ndikati "ndatumiza invoisi", chiganizo chakwana. Ngati nonse mukudziwa invoisi yake, "ija" ndi wongokometsera. Pa Chingerezi dzina la chinthu chimodzi chowerengeka siliima lokha. *Invoice*, *driver*, *meeting*, *report*: lililonse liyenera kukhala ndi kanthu kutsogolo, kaya *a*, kaya *the*, kaya *my*, *our*, *this*. Ndi lamulo, ngakhale pamene tanthauzo likuonekeratu. Ubongo wathu unazoloŵera kuti zoonekeratu sizinenedwa.

Chachiwiri ndi malo ake. Ife timatchula dzina kaye, zolifotokoza zimabwera pambuyo: galimoto yofiira ija, katundu wathu uja. Chingerezi chimafuna kuti musankhe musanatchule dzinalo. Ndiye dzanja likamalemba, dzina limatuluka msanga monga tinazoloŵerera, ndipo pamene maganizo afika pa "ija" mwadutsa kale pamalo pamene *the* anayenera kukhala. Simubwereranso, poti m'mutu mwanu chiganizo chamveka chathunthu. N'chifukwa chake mukawerenga lipoti lanu lomwe simuona cholakwika. Maso amawerenga zimene mutu unkanena.

Pali ndi nkhani ya khutu. Pa Chichewa phatikizo lililonse limatchulidwa momveka, palibe lomezedwa. Mzungu akati *send me a copy of the contract*, timawu ting'onoting'onoto timangomveka ngati mpweya, ndipo khutu lathu limatola zikuluzikulu zokha. Onjezerani mitu ya nkhani m'nyuzipepala, imene mwadala imachotsa timawuti pofuna kusunga malo, ndi mauthenga a pa foni amene tonse timalemba modula. Mwana wa ku Ntcheu amakumana ndi Chingerezi chopanda *the* kambirimbiri asanalembepo lipoti ndi limodzi lomwe.

Ndipo pano mundilole ndidandaule za sukulu, poti mtima wanga uli pamenepo. Ife tinaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, Chingerezi n'kutenga malo mu Sitandade 5. Kuyambira pamenepo mpaka Fomu 4, phunziro lokhalo la timawuti limene ndikulikumbukira ndi la *an apple, an egg, an orange*. Tinaimba mpaka kusasa mawu. Komatu kusankha pakati pa *a* ndi *an* ndi kachigawo kochepetsetsa ka nkhaniyi, ndipo palibe kasitomala amene anathawapo chifukwa cha *a egg*. Funso lenileni, loti ndi liti pamene chinthu chili "china" ndi pamene chili "chija", palibe anatiphunzitsa. Aphunzitsi athu sindikuwada, iwonso anaphunzitsidwa chomwecho. Koma ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mphunzitsi mmodzi akanalemba pa bolodi "kalata ina" ndi "kalata ija" n'kuika *a letter* ndi *the letter* pansi pake, theka la mavutoŵa likanathera pomwepo. M'malo mwake ankatiletsa kulankhula Chichewa pa sukulu, ena mpaka kuwaveka chikwangwani m'khosi. Anatilanda makwerero amene tikanakwerera. Ngakhale lamulo la *an* lija anatipatsa lopindika, poti limatsata katchulidwe osati chilembo: timati *an hour* chifukwa *h* samveka, *a university* chifukwa limayamba ngati "yu", ndi *an MRA officer* chifukwa *M* amatchulidwa "emu".

Musaganizenso kuti ndi ife tokha. Chirasha, Chipolishi, Chijapani ndi Chitchaina zilibe timawuti, nachonso Chiswahili. Ndinagwirapo ntchito ndi injiniya wa ku Japan amene maimelo ake munalibe *the* ndi mmodzi yemwe, koma palibe amene ankamuyesa mbuli. Ife tikasiya, ena amafulumira kunena kuti maphunziro a ku Malawi analowa pansi. Zimenezo zimandipweteka. Komanso sindigwirizana ndi anzanga amene amati tisavutike nazo, n'chilankhulo cha atsamunda. Alimi a ku Chikwawa aja anataya nyengo yathunthu ya dimba, ndipo mtsutso wa atsamunda sukanawathirira chimanga.

Zowonjezera zija zimachokera kuti

Pambuyo pa nkhani ya mapampu ndinachita zimene aliyense wochita mantha amachita: ndinayamba kuwaza *the* paliponse ngati mchere. Ndikukhulupirira kuti machongo ena mwa 23 anuwo ndi a mtundu umenewu. Munthu akadzudzulidwa kawiri katatu amayamba kuona ngati *the* ndi ulemu, ngati mmene timaikira "a" kutsogolo kwa dzina la munthu wamkulu, a Phiri, a mfumu. Ndiye kalata ikakhala yopita kwa akuluakulu, *the* amachuluka. Komatu *the* salemekeza munthu, amangoloza.

Pamene amalowa molakwika kawirikawiri ndi pamene mukunena za chinthu mwachisawawa, osati chinachake chodziwika. "Mitengo ya zinthu ikukwera" ndi *prices are rising*, popanda kanthu. Mukati *the prices are rising* woŵerenga afunsa kuti mitengo yake iti, pokhapokha mutapitiriza kuti *the prices in your quotation*. "Mafuta adula" ndi *fuel is expensive*, koma mafuta aja tinagula Lolemba ndi *the fuel we bought on Monday*.

Kwina kumene Chichewa chimatikankhira m'dzenje ndi maina amene Chingerezi sichiwerenga. Ife timati langizo limodzi, malangizo atatu, chipangizo, zipangizo, mpando, mipando. Ndiye n'zachibadwa kulemba *an advice*, *equipments*, *furnitures*, *an information*. Kwa iwo zimenezi zili ngati madzi kapena ufa, siziwerengedwa ndipo sizilandira *a*. Palibe nzeru yozama pamenepa, ndi chizoloŵezi chawo basi, ndipo pa ntchito yanu maina otere amene mumakumana nawo kawirikawiri ndi awa: *advice, information, equipment, furniture, feedback, stationery, luggage, software*. Alembeni pa kapepala mumate pa kompyuta. Mukafuna chimodzi mumati *a piece of equipment*.

Maina a malo ndi mabungwe ali ndi khalidwe lawolawo. Dziko ndi mzinda nthawi zambiri zimaima zokha, *Malawi*, *Lilongwe*. Nyanja imene dzina lake layamba ndi *Lake* nayonso imaima yokha, *Lake Malawi*, koma mtsinje umafuna *the*, *the Shire*. Bungwe limene dzina lake likufotokoza chimene lili limatenga *the*: *the Reserve Bank of Malawi*, *the Malawi Revenue Authority*. Likafupikitsidwa, mvetserani mmene mumalitchulira. Ngati mumatchula chilembo chimodzichimodzi, nthawi zambiri *the* amatsala, *the MRA*. Ngati mumalitchula ngati dzina la munthu, amachoka: *ESCOM*, *ADMARC*.

Koma ndibwerere ku ndalama, chifukwa abwana anu pochonga malo 23 mofanana anakubisirani chinthu chofunika. Machongowo sali olemera mofanana. Mukalemba *please find attached report* aliyense amva, palibe chitayike. Malo oopsa ndi pamene ziganizo zonse ziwiri zili zolondola koma zikunena zosiyana, poti pamenepo ngakhale kompyuta siika mzere wofiira. Mnzanga wina analemba m'chikalata cha tenda kuti *we are the distributor of these generators in Malawi*. Ankatanthauza kuti ndi mmodzi mwa ogulitsa. Oŵerenga anamva kuti ndi yekhayo m'dziko muno, anamupempha kalata yotsimikizira zimenezo, analibe, ndipo anaoneka wabodza. Akanati *a distributor* sipakanakhala mlandu. *She is a director* ndi mmodzi mwa akuluakulu a kampani, *she is the director* ndi mwini mpando. *Send a driver* ndi dalaivala aliyense amene alipo, *send the driver* ndi uja mukumudziwa, ndipo ngati woŵerenga sakumudziwa ataya theka la ola akufunsa kuti uti. *We have found a solution* ikusiya khomo lotsegula kuti pangakhale njira zina, *the solution* yatseka. Inu amene mumagula katundu, samalani kwambiri ndi mawu a m'makontirakiti: *a delivery* m'mwezi ndi ulendo umodzi mwa angapo, *the delivery* ndi umodzi womwewo basi.

Tiyeni tiyese pa imelo ya mtundu umene mumalemba tsiku lililonse:

*Please send quotation for generator we discussed on Monday. We expect discount if we pay before end of month. The transport should be included up to the Lilongwe.*

Inenereni m'Chichewa, dzina limodzilimodzi. Koteshoni yake sinalembedwe, mukupempha kuti apange imodzi, ndiye *a quotation*. Jenereta ndi ija tinakambirana Lolemba, "ija" wakwana bwino, ndiye *the generator*. Kuchotserako mtengo simunagwirizane, mukungopempha kwina kulikonse, ndiye *a discount*. Mukanalemba *the discount* wogulitsa akanadabwa kuti analonjeza liti. Pa *end of month* m'pamene njira ya "ija" imapereŵera, chifukwa palibe amene amati "kutha kuja kwa mwezi uja". Apa funsani funso lina: kodi woŵerenga angafunse kuti "kuti?" kapena "uti?" Mwezi ndi uno tonse tilimo, ndipo uli ndi mathero amodzi okha, palibe chofunsa. Chimene sichingafunsidwe chimatenga *the*, ndiye *the end of the month*. Pa chifukwa chomwecho timati *the best price*, *the first payment*, *the same supplier*. Thiransipoti mukuinena mwachisawawa ndipo siiwerengedwa, ndiye *the* achoke. Lilongwe ndi dzina la mzinda, achokenso. Zikhala chonchi:

*Please send a quotation for the generator we discussed on Monday. We expect a discount if we pay before the end of the month. Transport should be included up to Lilongwe.*

Tsono chochita ndi ichi, mng'ono wanga. Polemba musaganize za timawuti, mungadodome. Mukamaliza, bwererani ndi pensulo kuyambira chiganizo chomaliza kukwera m'mwamba, kuti maso asathamange ndi nkhani, ndipo muime pa dzina lililonse. Ngati ndi chimodzi chowerengeka ndipo kutsogolo kulibe kanthu, pasoŵa china: "ija" akakwana kapena "iti?" akapanda kufunsika, ikani *the*, "ina" kapena "iliyonse" akakwana, ikani *a*. Ngati ndi zambiri kapena zosawerengeka ndipo mukunena mwachisawawa, siyani popanda. Masamba awiri amatenga mphindi khumi. Ine *few* ndi *little* ndinangowasiyiratu pa nkhani za malonda, ndimalemba nambala: *nine clubs want 40 pumps by July*.

Lipoti lochongedwa lija musalitaye. Gawani machongo 23 aja m'milu itatu: pamene munasiya, pamene munawonjezera, ndi pamene tanthauzo likanasintha. Mulu wachitatuwo mupite nawo kwa abwana muwafunse chimene anamva ataŵerenga. Ndipo munditumizire ziganizo zake, tidzazione limodzi.